Ophunzira anga akusokoneza konfilikiti ndi ripurodakishoni: ndiwathandize bwanji?

Nabanda: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa sosholoje ya maphunziro kwa ophunzira a chaka choyamba pa koleji ina ya aphunzitsi muno mu Harare, ndipo ndangomaliza kuchonga ntchito imene ndinawapatsa yoti ayerekeze fankishonalizimu, konfilikiti ndi ripurodakishoni. Pa fankishonalizimu, chiphunzitso choona sukulu ngati yothandiza kuti dziko liziyenda bwino, ambiri alemba zomveka, akutchula Durkheim ndi Parsons, koma akafika pa ziphunzitso ziwiri zinazo amangobwereza chiganizo chimodzi chakuti sukulu imakondera olemera, kenaka n'kusintha dzina la katswiri basi. Kodi inu mumawasonyeza motani malire a ziwirizi kuti asamangoloweza maina?

Aphiri: Mayi, ine ndimawagawira motere ndipo sizivuta. Konfilikiti ndi nkhani ya ndalama, yochokera kwa Marx, ndipo Bowles ndi Gintis ali mmenemo. Ripurodakishoni ndi nkhani ya chikhalidwe cha kunyumba, ndipo mwini wake ndi Bourdieu. Mwana wa ku dera losauka la Epworth akalephera chifukwa chosowa fizi, imeneyo ndi konfilikiti. Akalephera chifukwa cha Chingerezi, imeneyo ndi ripurodakishoni.

Anambewe: Bambo Phiri, kugawa kwanuko kumathandiza pa tsiku loyamba, koma kumagwetsa ophunzira akafika kwa Bowles ndi Gintis omwewo. Zimene awiriwa analemba mu 1976 n'zakuti machitidwe a m'kalasi amafanana ndi a kuntchito, kotero ana a antchito amazolowera kumvera ndi kusunga nthawi, pamene ana a mabwana amazolowera kudzilamulira. Imeneyonso ndi ripurodakishoni, ngakhale maziko ake ndi chuma. Choncho ophunzira a Mayi Nabanda sanalakwe kotheratu, pakuti ripurodakishoni ndi nthambi ya konfilikiti. Chimene chikusiyana ndi funso limene aliyense akufunsa. Wa konfilikiti akufunsa kuti ndani akupindula ndi dongosololi, ndipo akulimbana ndi yani kuti lisasinthe. Wa ripurodakishoni akufunsa kuti kusiyanako kumadzibwereza bwanji kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, ngakhale patakhala kuti palibe mphunzitsi kapena nduna yofunira mwana wosauka zoipa.

Ine ndinasiya kuyambira pa maina a akatswiri, ndimayambira pa mbiri ya dziko lino la Zimbabwe, chifukwa imalekanitsa mafunso awiriwa yokha. Mu 1966 boma la Rhodesia linakonza zoti mwa ana akuda omaliza pulayimale, 12.5 peresenti okha apite ku sekondale za F1 zophunzitsa za m'mabuku, ndipo 37.5 peresenti apite ku F2 kukaphunzira ntchito zamanja. Otsalawo analibe malo. Apa sitifunikira Bourdieu ayi, chifukwa mpanda unaikidwa poyera, ndipo wouika ndi wopindula nawo akudziwika. Tsono ndimawafunsa ophunzira kuti ufulu utabwera mu 1980, F2 itathetsedwa, sekondale zitamangidwa mpaka kumidzi, ana onse ofika Fomu 4 n'kumalemba mayeso amodzi, n'chifukwa chiyani mwana wa kwa olemera ku Mount Pleasant akupitirirabe mnzake wa kwa osauka ku Mbare? Pamenepo mpomwe ripurodakishoni imayambira ntchito.

Nabanda: Ndamva, Mayi Nambewe, ndipo chitsanzo cha 1966 ndichitenga. Koma kodi fankishonalizimu siikhala ngati chinthu chongoyenera kugwetsedwa mukaphunzitsa chonchi? Ophunzira anga ayamba kale kuiona ngati maganizo a anthu osaona mavuto.

Anambewe: Nkhawa yanuyo ndi yoona, n'chifukwa chake ndimatenga chinthu chimodzi n'kuchiika pamaso pa ziphunzitso zonse zitatu. Chimene ndimakonda ndi lamulo lakuti munthu akhoze maphunziro asanu a Fomu 4 ndi giredi C kapena kuposa, Chingerezi chili momwemo, kuti alowe m'makoleji ambiri, kuphatikizapo athu ano. Wophunzira aliyense m'kalasi mwanu anadutsa pa chipata chimenechi, ndipo aliyense akudziwa m'bale kapena mnzake amene anatsalira pa Chingerezi chokha.

Parsons, malinga ndi zimene analemba mu 1959, anganene kuti kunyumba mwana amaweruzidwa monga mwana wa auje, koma sukulu imamuyeza ndi muyezo umodzi wa aliyense, kenaka n'kumuika pa ntchito yomuyenera. Angawonjeze kuti namwino kapena mphunzitsi amafunikadi Chingerezi pa ntchito yake, m'dziko limene malamulo ake a 2013 amavomereza zilankhulo 16. Imeneyi si mfundo yopanda pake. Randall Collins, amene ndi wa konfilikiti koma wotsatira Weber osati Marx, angafunse ngati giredi C ikuyeza luso lofunika pa ntchitoyo, kapena ikungochepetsa mzere wa ofunsira. Umboni wake ungakhale wakuti olemba ntchito amakweza ziyeneretso pamene ntchitoyo sinasinthe. Bourdieu, amene analemba ndi Passeron mu 1970, angatsegule pepala lenilenilo la chimangirizo n'kusonyeza kuti likupereka malikisi pa kalembedwe kamene mwana wina anakatola pakhomo, pocheza ndi makolo ndi powerenga mabuku a m'nyumba, pamene wina anakumana nako m'kalasi mokha. Chopweteka n'chakuti wolepherayo amavomera kuti alibe nzeru, osakayikira mayesowo.

Pochonga ndimayang'ana chinthu chimodzi: kodi wophunzira wanena umboni umene ungagwetse chiphunzitso chimene akufotokoza? Tiyerekeze ana awiri a sukulu imodzi, fizi yalipidwa, mabuku ndi aphunzitsi ndi amodzi. Ngati zotsatira zawo sizikutsatanso maphunziro a makolo awo, Bourdieu wafooka ndipo Parsons walimba. Ngati zikutsatabe, ndalama zokha sizikufotokoza nkhaniyi. Wolemba kuti sukulu imakondera olemera, osanena njira yake, sadutsa theka la malikisi kwa ine.

Ajere: Ine nkhaniyi ikundikhudza mwa njira ina. Ndinaphunzitsapo pa sukulu ya pafamu ina kunja kwa mzinda, kumene ana ambiri anali zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Kunyumba amalankhula Chichewa, pabwalo Chishona, m'mayeso Chingerezi, ndipo ena analephera kulembetsa mayeso a Giredi 7 chifukwa chosowa chikalata cha kubadwa. Vuto lenileni ndi limeneli, ndipo ndikuona kuti tikanakambirana zoti Chichewa chiziphunzitsidwa m'sukulu zoterezi.

Anambewe: Bambo Jere, funso la Mayi Nabanda linali la kaphunzitsidwe, komabe nkhani yanuyo ndi yoyenera kuipereka kwa ophunzira monga ntchito. Kusowa chikalata ndi mpanda woonekera, wa konfilikiti. Chilankhulo chachitatu m'mayeso ndi nkhani ya Bourdieu. Mwana mmodzi wasenza zonse ziwiri.

Aphiri: Ndavomera za Bowles ndi Gintis, koma pa Bourdieu sindinakhutire. Iye ankaona dziko la France, kumene mabanja apamwamba anakhazikika kwa mibadwo yambiri. Kuno ambiri a ife ndife ana a anthu a m'migodi, m'mafamu ndi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, amene sanawerengepo buku, koma lero tikuphunzitsa m'makoleji chifukwa cha sukulu zimene zinatsegulidwa pambuyo pa 1980. Ripurodakishoni imatifotokoza bwanji ife? Ndipo kufanana kwa kalasi ndi fakitale kukutanthauzanji kwa mnyamata amene wakhoza bwino Fomu 6 koma akugulitsa katundu pa msika wa Mupedzanhamo?

Anambewe: Funso lachiwirilo Collins amaliyankha bwino kuposa onse, chifukwa masatifiketi akachuluka ntchito zisanachuluke, mtengo wake umatsika. Loyambalo ndi lolemera. Wotsatira Bourdieu anganene kuti m'zaka za m'ma 1980 malo ambiri anatseguka nthawi imodzi, ndipo kuyesa kwenikweni ndi ana athu, amene tsopano akukula ndi mabuku m'nyumba ndipo ena tikuwalembetsa mayeso a Cambridge m'malo mwa a ZIMSEC, bungwe la mayeso la dziko lino. Koma ndikuvomera kuti yankho limeneli silifotokoza chifukwa chimene inu munadutsira pamene mnzanu wa pakomboni yomweyo anatsala.

Nabanda: Sabata yamawa ndiyamba ndi 1966, ndipo ntchito yotsatira ikhala pa lamulo la giredi C m'Chingerezi. Funso la Bambo Phiri ndikufuna kuliika pa mayeso a kumapeto kwa temu, koma ndikuopa kuti ndi lovuta kwa a chaka choyamba. Alipo amene analiyesapo pa msinkhu umenewu?