Ndithandizeni pa mayankho ovomerezeka a funso la osimosisi

Aphunzitsi anzanga, ndikuphunzitsa bayoloji ya Giredi 12 pa sukulu ina kuno ku Lusaka, ndipo ndikukonza pepala la mayankho a mayeso okonzekera a ECZ. Tidzachonga anthu atatu, choncho ndikufuna kuti tonse tizipereka malikisi mofanana.

Funso landivuta ndi ili: fotokozani tanthauzo la osimosisi, malikisi atatu. Ndagawa motere: limodzi pa kutchula kuti ndi madzi amene amayenda, limodzi pa kumene akuchokera ndi kumene akupita, lomaliza pa kakhungu kolola zinthu zina kudutsa nkutsekereza zina.

Pakati apo ndi pamene pali nkhani. Mwana wina amalemba kuti madzi amachoka pamene ali ochuluka kupita pamene ali ochepa. Wina amati amachoka mu msakanizo wosungunuka kwambiri kupita mu wokhathamira ndi shuga kapena mchere. Onsewa ndawavomereza. Koma nanga amene wangoti "kuchoka pochuluka kupita pochepa" osanena chochulukacho? Ine ndikuona kuti asapatsidwe, chifukwa ngati akunena za shuga ndiye kuti watembenuza njira yonse. Mnzanga akuti tikumulanga mwana woti akudziwa.

Chachiwiri, mwana akalemba mayankho awiri pa mzere umodzi, lolondola ndi lotsutsana nalo, mumachotsa likisi kapena mumatenga loyambalo? Ndipo mumalemba bwanji lamuloli papepala kuti wochonga aliyense alimve chimodzimodzi? Amene munachongako mayeso a boma, chonde ndiuzeni mmene mumachitira.