Achimwene ali pa mankhwala a TB yosamva mankhwala, mapazi ayamba kutentha ndipo akufuna kusiya, nditani?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni maganizo chifukwa mutu wanga waima. Ine ndi gadiyani wa achimwene anga, zaka 41, ndi atelala. Anamwa mankhwala a TB chaka chatha koma chifuwa chinabwereranso, atayeza makhololo pa makina aja a jini ekisipati anati TB yake sikumva rifampisini. Anawayambitsa mankhwala a miyezi 6, pa khadi analemba BPaLM, ndi mitundu inayi: bedakwilini, puretomanidi, linezolidi ndi mokisifulokisasini. Masiku wamba amamwa mibulu itatu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu isanu. Amamwanso ma ARV.

Pano tili mu sabata ya 13. Kutsokomola kunatha, anawonjezera makilo 4, koma masabata awiri apitawa ayamba kudandaula kuti mapazi akutentha usiku ngati aponda phulusa la moto, amagona miyendo kunja kwa bulangete, ndipo dzana patapata inavuka pamsewu iwo osamva anangopitirira kuyenda ndi phazi limodzi pansi. Akakhala pa makina akuti chopondera chija sakuchimva bwino. Akutopanso msanga. Lero ndikuyala mphasa ndapeza mibulu ya masiku atatu atakulunga mu kansalu, kutanthauza kuti amandinamiza kuti ameza. Akuti bola asiye poti achira kale kusiyana ndi kulumala. Tsiku lathu la kuchipatala lili kutali, masabata awiri kutsogolo. Kodi tidikire? Kapena tichotse m'bulu umene ukuchititsa izi tizimwa enawo?

Bambo a Chisomo:
Pepani mlongo. Ine ndinadwala yomweyo mu 2016, nthawi ya jakisoni wa kanamayisini, kubayidwa tsiku ndi tsiku miyezi yambirimbiri kenako mapilitsi mpaka zonse pafupifupi zaka ziwiri. Khutu langa lakumanzere linatseka mpaka lero. Auzeni achimwene alimbe mtima basi, miyezi 6 ndi yochepa, apirire amalize zonse zimatha zokha mankhwala akatha.

Anamwino Nangondo:
Bambo a Chisomo pakuti asasiye mankhwala mwanena zoona, koma pakupirira mwakachetechete ayi ndikukana. Inunso khutu lanu linapita chifukwa nthawi imeneyo anthu ankauzidwa kupirira, ndiye chifukwa chake jakisoni uja anamuchotsa. Achemwali a Nachisale musadikire masabata awiri. Imbani lero pa nambala imene anakupatsani ku TB ofesi kapena muwapeze alangizi azaumoyo a kwanuko, ndipo mawa m'mawa mupite nawo, munyamule khadi ndi mibulu yonse kuphatikiza ya mu kansaluyo.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi linezolidi. Mankhwala amenewa ndi amphamvu pa TB koma akakhalitsa m'thupi amafooketsa mitsempha, ndipo imayamba ndi yaitali kwambiri ija yofika ku zala zakumapazi, ndiye zimayambira pansi mbali zonse ziwiri, kutentha, kubayabaya, dzanzi, kenako kumakwera ngati munthu akuvala sokosi. Nthawi zambiri zimatulukira pakadutsa miyezi iwiri itatu, ndendende pamene muli inupa. Zikagwidwa msanga adokotala amatha kuyimitsa kaye linezolidi kapena kutsitsa kuchoka pa 600 mg kufika pa 300 mg enawo akupitirira, ndipo ambiri amapezako bwino. Zikasiyidwa mpaka munthu kulephera kuyenda, dzanzi limatha kukhala la moyo wonse.

Ndikufunseni ziwiri. Maso akuona bwanji? Poti ndi atelala muwaikire ulusi wofiira ndi wobiriwira, atseke diso limodzi kenako linzake, anene ngati mitundu ikuoneka ngati kale, ndiponso ngati akutha kulowetsa ulusi pa singano. Chachiwiri, magazi anayezedwa liti ndipo analemba zingati?

Nachisale:
Zikomo amayi. Ulusi ndawayesa pompano, akusiyanitsa bwinobwino maso onse ndipo alowetsa pa singano kamodzi. Magazi pa khadi poyamba analemba 12.6, mwezi woyamba 11.4, wachiwiri 10.1, wachitatuwu sanayeze anati makina avuta tibwerenso ndiye ndi thiransipoti yake sitinabwerere.

Anamwino Nangondo:
Za maso ndi nkhani yabwino, koma muziwayesa choncho sabata iliyonse. Tsiku limene anganene kuti akuona chifunga kapena chofiira chikuoneka chofuwirira, linezolidi asamwenso tsiku limenelo ndipo muthamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha wa diso sudikira.

Magaziwo ndi amene akundidetsa nkhawa. Onani mmene akutsikira, 12.6, 11.4, 10.1, mwezi uliwonse akuchoka opitirira 1, ndipo pano papita mwezi wina osayeza kwinaku munthu akutopa. Linezolidi yemweyo amachepetsa mphamvu ya mafupa yopanga magazi. Akatsika pansi pa 8 nthawi zambiri timamuyimitsa ndipo ena amafunika kuwonjezeredwa magazi. Tsitsani chikope chapansi muone mkati ngati muli mofiira kapena moyera, muonenso zikhatho. Ngati akuchita befu pongoyenda kupita kubafa, mtima ukugunda kwambiri, akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, musadikire mawa pitani usiku womwe uno. Mawa musachoke osayezedwa magazi, makina akavuta funsani kuti mukayezere kuti, akulembereni.

Kondwa wa ku Jubeki:
Mapazi otentha si nkhani, mugulireni piridokisini, vitamini B6 uja, mayi anga anawathandiza ali pa TB. Muwonjezere amitiriputilini usiku agona ngati mwana, ndi mapilitsi owonjezera magazi aja a amayi oyembekezera.

Anamwino Nangondo:
Achimwene a Kondwa, mayi anu ankamwa isoniyazidi, ameneyo amadya vitamini B6 m'thupi ndiye mukabwezera dzanzi limachepa. Linezolidi amawononga mwa njira ina, piridokisini akhoza kuperekedwa koma musadalire kuti aletsa vutoli. Amitiriputilini ndiye chonde musagule nokha. Sagwirizana bwino ndi linezolidi, munthu amatha kutentha thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu, komanso amasokoneza kagundidwe ka mtima pamene bedakwilini ndi mokisifulokisasini akuchita kale zomwezo, ndiye chifukwa chake amawayeza mtima ndi timawaya tija pachifuwa. Ngati ululu ukufuna mankhwala asankhe ndi adokotala amene akuona khadi lonse.

Owonjezera magazi aja ali ndi ayironi, ameneyu amagwira mokisifulokisasini m'mimba osalowa m'thupi, chimodzimodzi mankhwala oyera aja a chilungulira. Amagwiranso dolutegiraviya wa mu ma ARV. Ndipo ngati vuto ndi loti mafupa sakupanga magazi, ayironi sathetsa. Akapatsidwa kuchipatala afunse nthawi yomwera yotalikirana ndi enawo.

Mai Phiri:
Ine mwana wanga ali pa mankhwala a TB yovutayo ndipo khungu lada kwambiri, anthu akumunena kusukulu. Nanunso achimwene anuwo ada? Mwina ndi zomwezo.

Bambo a Chisomo:
Amayi ameneyo ndi kulofazimini, inenso ndinamwa ndinada mpaka anthu kundidabwa kutchalitchi, zinabwerera pang'onopang'ono nditamaliza. Azidzola mafuta khungu limauma. Koma mu mankhwala a atelalawa mulibe ameneyo.

Nachisale:
Eya iwo sanade. Koma amayi a Nangondo funso lawo ndi loti makhololo a mwezi wachiwiri anatuluka opanda kachilombo, ndiye akumweranji? Ndikawayankha bwanji poti ine akundiona ngati wapolisi.

Anamwino Nangondo:
Makhololo oyera akutanthauza kuti tizilombo tachepa kwambiri mpaka sitikuoneka, ndipo n'chifukwa chake akupeza bwino. Koma timatsala tina tobisala m'mabala a m'mapapo, timakula pang'onopang'ono, miyezi yotsalayi ndi yopha timeneto. Mitundu inayi imaperekedwa pamodzi chifukwa pakati pa tizilombo tambirimbiri pamapezeka tochepa tosamva mtundu umodzi, ndiye enawo amatimaliza. Mukasiya umodzi wokha ukugwira ntchito, tosamvato ndi timene timachulukana.

Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa. Bedakwilini amakhalitsa m'thupi miyezi ingapo munthu atasiya kumwa, pamene atatu enawo amatha m'masiku ochepa. Ndiye achimwene akasiya zonse lero, pakatha sabata m'thupi mwawo mutsala bedakwilini yekha, wochepa mphamvu, akulimbana ndi tizilombo totsala. Umu ndi mmene TB imaphunzirira kusamva bedakwilini, ndipo ikabwerera ili choncho mankhwala otsala ndi ochepa, a nthawi yaitali, ndipo mwina linezolidi yemwe akumuthawayo adzamwanso kwa miyezi yochuluka kuposa pano. Angapatsirenso inu ndi ana m'nyumbamo TB yoteroyo.

Kuchotsa linezolidi nokha kunyumba nakonso ayi, chifukwa adokotala ayenera kuona zotsatira za ku labu ngati TB yawo ikumva mokisifulokisasini, ndi masabata angati amene amwa mokwanira, ndiye aganize kuyimitsa, kutsitsa kapena kusintha. Za masiku atatu aja muwauze zoona, amawawerengera n'kuwabwezera kumapeto. Mukabisa adzaganiza kuti dzanzi likupitirira pa mulingo umene sakumwa n'komwe. Munenenso ngati amamwa mowa kapena ali ndi shuga, zonsezi zimawonjezera dzanzi, ndipo aonetse botolo la ma ARV aone kuti mulibe efavirenzi amene amafooketsa bedakwilini kapena zidovudini amene amatsitsa magazi.

Bambo a Chisomo:
Apo ndaphunzirapo. Koma mlongo pa nkhani ya upolisiyo ndikuuzeni, ine ndinabisapo mankhwala m'thumba la jekete sabata yathunthu, chifukwa ndikanena kuti khutu likulira aliyense ankangoti imwani. Mwamuna wamkulu amaopa kutaya ntchito ya manja ake kuposa imfa imene sakuiona. Musayambe ndi kansaluko. Muwauze kuti mwamva za mapazi ndipo mawa mukupita kukamenyera nkhondo mapaziwo, za mibulu anene okha kwa adokotala inu muli pambali. Ndipo muzikhala nawo pansi akamamwa, ndi phala lothira nsinjiro, bedakwilini amafuna chakudya m'mimba.

Nachisale:
Ndabwera kudzakuuzani. Tapita m'mawa pa kabaza, ndalama ndinabwereka kwa aneba. Magazi apezeka 8.7. Anawagwiragwira kumapazi ndi kachitsulo konjenjemera kaja, chala chachikulu sanamve mbali zonse ziwiri koma pa akakolo anamva. Mtima ayeza uli bwino, shuga alibe, ma ARV akuti ndi oyenera. Linezolidi amuyimitsa kaye, atatu enawo apitiriza kuyambira lero ndipo amwera pomwepo pamaso pa anamwino, za mu kansalu anena okha. Akuti tibwere Lachinayi sabata yamawa adzayezenso magazi ndi mapazi ndiye adzaona ngati angayambirenso pa 300.

Achimwene akuti wa 300 yemweyo sakumufuna ngakhale pang'ono, ndipo adokotala atafunsidwa ngati mapazi abwerere mwakale anangoti tiona mmene ziyendere. Ndiye ndikufunsa amene munayimitsidwapo linezolidi chifukwa cha dzanzi, zinakutengerani nthawi yaitali bwanji kuti muyambenso kumva pansi? Ali ndi mayunifolomu a sukulu 30 oti asoke mwezi uno ndipo akungoyang'ana makina.