Lupu ya mtengo wa Fenwick sikutha

Wophunzira ntchito: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikusunga malonda a tsiku ndi tsiku mu mtengo wa Fenwick, areyi `t` yosunga ziwonkhetso za zigawo za masiku, kuti chiwonkhetso chochokera tsiku loyamba chizipezeka msanga ngakhale malisiti ochedwa azibwerabe. Koma ndikangolowetsa tsiku loyamba, pulogalamu imangoti zii, osabwerera.

```
void add(int i, long d) {
  for (; i <= n; i += i & -i) t[i] += d;
}
```

Wa madatabesi: Bwanji osangolemba `SUM` basi? Kwathu kuno timatero, sitinavutikepo.

Wophunzira ntchito: Mulibe databesi umu achimwene, zonse zili m'memole.

Mayi wa kodi: Tsiku loyambalo mwalipatsa nambala yanji? Ngati ndi 0, vuto ndi lomwelo. `0 & -0` ndi 0, ndiye `i` sakusuntha. Mtengowu umayambira pa 1. Itanani `add(tsiku + 1, d)`, powerenganso muziwonjezera 1 yemweyo.

Wa maseva: Eya, poti `i & -i` imatola biti yaikulu, ndipo 0 alibe.

Mayi wa kodi: Zoti 0 alibe biti yoyaka mwalondola, koma imene imatoledwa ndi yaing'ono, 1 wakumanja kwenikweni. Tengani 12, amene mu bainale ndi `1100`: yankho ndi 4, osati 8. Nambala 4 imeneyo ikukuuzani kutalika kwa chigawo chimene `t[12]` akusunga: masiku anayi othera pa 12, kuyambira 9. `t[13]` amasunga tsiku limodzi lokha, pomwe `t[8]` wasenza 1 mpaka 8.

Ndiye mukafuna chiwonkhetso mpaka 13, muzizimitsa bitiyo: `1101`, `1100`, `1000`, kenako 0. Mwatola `t[13] + t[12] + t[8]`, zigawo zitatu zogundana bwinobwino, palibe tsiku lowerengedwa kawiri. Posintha ndi pamene mumawonjezera bitiyo. Pa `n = 16`, tsiku la 5 likukwera 5, 6, 8, 16, chifukwa mabokosi amene tsikulo lilimo ndi okhawo. `t[7]` sakhudzidwa, iye amasunga 7 yekha.

Wophunzira ntchito: Yayenda, zikomo mayi! Koma ndakonza tsiku la 5 kuchoka pa 300 kufika 450, chiwonkhetso chakwera ndi 450.

Mayi wa kodi: `d` ndi kusiyana, si nambala yatsopano ya malonda. Tumizani 150. Sungani areyi ina ya manambala enieni pambali kuti muzichotsera pamenepo.

Wa maseva: Komatu ine ndifunse, masikuwo ndi angati? Ngati ndi 365, lupu wamba yowonkhetsa imatha musanaphethire. Mtengo ukupulumutsani chiyani?

Mayi wa kodi: Pa 365 masitepe sapitirira 9, pa miliyoni sapitirira 20. Phindu limaoneka pa miliyonipo. Pa chaka chimodzi ndikugwirizana nanu.

Wophunzira ntchito: Panopa ndi chaka chimodzi, koma abwana akuti mwina tidzayamba kusunga pa ola lililonse, shopu iliyonse payokha. Ndiusiye kaye momwemo kapena ndiuchotse?