Nandolo wanga akadali ku Nacala, tsiku la pa 44C layandikira

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndagulitsa nandolo matani 120 ku India, kasitomala watsegula LC, kalata yomwe banki yake ikulonjeza kundilipira ndikapereka mapepala oyenera. Pa 44C, gawo la LC lonena tsiku lomaliza lotumizira katundu, alemba 30 Okutobala. Makontena anachoka ku Limbe pa 18, koma ajenti akuti sitima ifika ku Nacala pa 2 Novembala. Poti katundu ananyamuka kale kuno, ndili bwino eti? Chinanso, matumba akwana 2,350 m'malo mwa 2,400.

Che Jafali: Za matumbazo musade nkhawa mayi. Malamulo a UCP 600, omwe mabanki amatsatira pa ma LC, amalola kuchepa kapena kupitirira ndi 5 peresenti. Ine zinandichitikira pa soya, banki inalipira.

Bambo Phiri: A Jafali, 5 peresentiyo ilipodi, koma imagwira pamene LC yatchula kulemera kokha. Ikawerenga matumba, basi yafa. Mayi, tatikopereni zomwe zili pa 45A, pofotokoza katundu, ndi pa 46A, potchula mapepala ofunika.

Nabanda: 45A: `2400 BAGS OF 50 KG MALAWI PIGEON PEAS`. 46A: `FULL SET CLEAN ON BOARD OCEAN BILLS OF LADING`. Pa 43P pali `NOT ALLOWED`.

Bambo Phiri: Ndiye mavuto ndi awiri. Banki siyang'ana nandolo wanu, ngakhale atakhala woyera ngati mpunga. Imawerenga mapepala okha, n'kuwayerekeza ndi zomwe LC yanena. Mawu akuti `ON BOARD` akutanthauza kuti tsiku lotumiza katundu ndi lomwe kampani ya sitima idzadinde kuti makontena akwera m'sitima. Tsiku lomwe galimoto inachoka ku Limbe silikuwerengedwa. Chidindo chikadzati 3 Novembala, mwachedwa. Ndipo 43P yakana kutumiza mwapang'onopang'ono, choncho matumba 50 aja simungawatsatize pambuyo.

Lero lomwe muimbireni kasitomala apemphe banki yake isinthe LC: 44C isunthe, matumba akhale 2,350. Asunthenso 31D, tsiku lomwe LC ikutha, chifukwa ambiri amaiwala pamenepo. Musakhulupirire uthenga wa pafoni woti "palibe vuto". Dikirani kusinthako kufike kudzera kubanki yanu.

Gondwe: Bwanji osangomuuza ajenti adinde 30 Okutobala? Ena amatero.

Bambo Phiri: Ayi achimwene, chimenecho ndi chinyengo, ndipo tsiku lomwe sitima inakocheza padoko silibisika.

Nabanda: Nanga kasitomala akakana kusintha?

Bambo Phiri: Mapepala mudzaperekabe, msanga, pasanathe masiku 21 chikwerereni katundu ngati gawo 48 la LC silinatchule masiku ena, komanso LC isanathe. Banki ili ndi masiku asanu ogwira ntchito oti iwaunike. Ikapeza zolakwika imatha kufunsa wogula ngati awalandire choncho. Apo lonjezo la banki lachoka, mwatsala m'manja mwa wogula. Mtengo wa nandolo ukatsika ku India, ndi pomwe amapempha kuti mumuchotsere.

Che Jafali: Komabe wanga uja analandira osachotsa kanthu. Zimatengera munthu.

Nabanda: Ndamulembera. Wayankha kuti tsiku asuntha, koma za matumba akufuna akambe kaye ndi mnzake. Kodi ndigule matumba 50 ndithamangitse ku Nacala, makontena atatsekedwa kale?