Za ma komenti aja, zadziwika

"Vidiyo yathu yophika zitumbuwa ku Chinamwali ma komenti atsekeka, ndalama zatsikanso, chavuta n'chani?"

Abale ndabweranso pa funso langali, vuto ndinali ine ndemwe. Poika vidiyo pa YouTube amafunsa za Audience, ine ndinadina "Yes, it's made for kids" poganiza kuti akufunsa ngati ana angaonere popanda vuto, poti mwana wa achemwali akuonekamo akukanda ufa. Ayi ndithu, akufunsa ngati vidiyoyo munapangira ana, monga tinyimbo ta kumkaka kapena makatuni.

Ukadina pamenepo ma komenti amatsekeka, kabelu kodziwitsa anthu sikalira, ndipo zotsatsa malonda zija zotsatira zomwe munthu amakonda zimachotsedwa, pamatsala wamba zolipira pang'ono, n'chifukwa chake achimwene a ku Joni omwe ndi eni tchanelo amadandaula kuti anthu akuonera koma ndalama njee. Zonsezi n'chifukwa cha lamulo la ku Amerika la COPPA loteteza ana osakwana zaka 13, ndipo zinayamba mu Januwale 2020.

Ndiye pokonza ndinalakwitsanso kkkk, ndinakadina "Yes, restrict my video to viewers over 18" ndimvekere ndiye kuti ya akuluakulu. Mnzanga wa ku Matawale anandiimbira kuti ikumuuza alowe kaye mu akaunti. Imeneyo imatsekera aliyense wosakwana zaka 18 komanso amene sanalowe, zotsatsa zimachepa kapena kusowa kumene.

Pano ndaika "No, it's not made for kids", ya 18 ndachotsa, ma komenti ndachita kukatsegula pamanja. Koma ngati yanu ndi ya ana zenizeni musanamize, YouTube imatha kusintha yokha.