Manambala a lipoti la mwezi watha ndinalakwitsa, bwana ndiwalembere bwanji?

Nachisale: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Lipoti la Okutobala ndinalemba kuti maoda anali 4,820 pomwe Seputembala anali 4,250, ndiye kuti takwera ndi 13.4%, bwana mpaka anakanena ku miting'i. Dzulo a ku akaunti andiimbira kuti iwo akupeza 4,310 basi. Ndafufuza usiku onse, vuto ndi JOIN yanga, ndinalumikiza tebulo la maoda ndi la malipiro ndiye oda yomwe munthu analipira kawiri ikutuluka mizere iwiri. Kukwera kwenikweni ndi 1.4% chabe. Ndiwauza bwanji?

Mjomba wa Data: Achemwali pepani, izi zimachitika. Musanalembe chilichonse tsimikizani kaye kuti vuto ndi lomwelo lokha. Yendetsani iyi pa zomwe JOIN ikutulutsa:

```
SELECT COUNT(*), COUNT(DISTINCT order_id)
FROM report_rows;
```

Ikakupatsani 4,820 ndi 4,310 ndiye kuti 510 yonse mwaipeza komwe yachokera. Ikasiyana ndi ya a ku akaunti ngakhale ndi 5, pali china chabisala, ndipo palibe chomwe chimathetsa chikhulupiriro cha bwana ngati kukonza lipoti limodzi kawiri.

Nachisale: Zafanana ndendende. Maoda 470 analipiridwa kawiri, 20 katatu, ndiye mizere yoonjezera ndi 470 kuphatikiza 40.

Chiphwanya: Ine sindikuona chifukwa cha kalata. Ikani DISTINCT paliponse, tumizani fayilo yatsopano munene kuti sisitimu inavuta, nkhani yatha.

Mjomba wa Data: Pa kuwerenga maoda DISTINCT ikugwiradi achimwene, koma pa ndalama ayi. SUM(DISTINCT amount) imataya maoda awiri osiyana omwe mtengo wake wangofanana, ndiye muchoka pa nambala yokwera kupita pa yotsika. Phatikizani kaye malipiro ndi GROUP BY order_id kuti oda iliyonse ikhale mzere umodzi, kenako JOIN. Zoti sisitimu inavuta musanene, a IT akafunsidwa akana pomwepo.

Nachisale: Eee ndalama ndinali ndisanaziyang'ane, nazonso zafufuma ndithu. Ndalemba chonchi, ndiuzeni:

"Bwana, ndikupepesa kwambiri chifukwa cha zomwe zachitika, mwezi watha ntchito inandichulukira ndipo pokonza lipoti panachitika vuto pa JOIN ya matebulo…"

Mayi Gogo: Imani pomwepo mwana wanga. Ine ndine amene ndimalandira makalata oterewa, ndikawerenga mizere itatu osaona nambala mtima umayamba kuthamanga, ndimaganiza kuti zaonongeka zonse. JOIN sindikuidziwa ndipo za kuchuluka kwa ntchito zikumveka ngati mukudziteteza. Ndikanakonda kulandira iyi:

"Bwana, ndakonza manambala a lipoti la Okutobala. Maoda ndi 4,310 osati 4,820, ndiye poyerekeza ndi Seputembala takwera ndi 1.4% osati 13.4%. Kulakwitsa ndi kwanga: oda yomwe inalipiridwa pang'onopang'ono ndinaiwerenga nthawi iliyonse yomwe malipiro analowa. Maoda 490 ndi omwe akhudzidwa. Nambala yatsopanoyi ndaifananiza ndi ya a ku akaunti ndipo zikugwirizana. Masamba omwe asintha ndawalemba m'munsimu, akale ndi atsopano moyandikana. Kuyambira lipoti lotsatira ndizifananiza ndi a ku akaunti ndisanatumize. Pepani chifukwa nambala yolakwikayo munaigwiritsa kale ntchito."

Kupepesa kamodzi kwakwana. Ndipo aimbireni kaye kapena lowani mu ofesi musanatumize, asakazione koyamba pa imelo ali pakati pa anthu.

Kadzidzi: Koma samalani, ine ndinalembapo kuti "kulakwitsa ndi kwanga" kalata yomweyo inakalowa mu fayilo langa, pa nthawi yokweza malipiro anaitulutsa. Funsani kaye ngati akufuna kukupatsani chenjezo.

Nachisale: Ayi akulu, palibe amene wandiitana, bwana sakudziwa n'komwe. Ndine ndikufuna kuwauza a ku akaunti asanandiyambire.

Mjomba wa Data: Funso loyamba lomwe bwana afunse ndi loti "nanga miyezi inayo?" Ngati Seputembala nayenso ali ndi mizere yobwereza, 4,250 ija ndi yabodza ndipo 1.4% yanuyo igwanso. Musalembe peresenti musanaone zimenezo.

Nachisale: Ndayendetsa pa Seputembala, zonse ziwiri zikupereka 4,250, kulipira pang'onopang'ono tinayamba mu Okutobala momwemo. Ndionjezera mzere onena zimenezo. Chomwe chatsala, omwe anali pa miting'i ija ndiwakopere imelo?

Mayi Gogo: Ayi, anawauza ndi bwana, asiyeni asankhe okha m'mene akakonzere.

Chiphwanya: Apo sindikugwirizana nanu mayi, bwana akangokhala chete anthu aja apitiliza kupanga mapulani ndi 13.4% ndipo zikadzaululika dzina lomwe lili pa lipoti ndi la Nachisale.

Nachisale: Ndiwafunsa pamaso mawa m'mawa kuti ndiwatumizire ndani, akayankha ndilemba yankholo mu imelo momwemo.