Foni yalemba Pending, kasitomala akufuna ndalama zake

Nachisale: Anzanga maejenti otumiza ndalama pafoni, ndithandizeni. Kasitomala wandipatsa ndalama pamanja kuti ndimuikire ku akaunti yake ya kubanki. Ndatumiza cha m'ma 10 koloko, floti yanga, ndalama zogwirira ntchito za mufonizi, yadulidwa, koma foni yalemba Pending. Kubankiko sizinafike. Padutsa mphindi 40, munthuyo wakhala pabenchi pano, akuti ndimubwezere kapena nditumizenso. Nditani?

Chimwemwe: Ndi netiweki imeneyo asisi. Zimitsani foni, muyatsenso, meseji ibwera.

Bambo Phiri: Mayi, musachite chilichonse mwa ziwirizo. Mukatumizanso, yoyamba ija ikhoza kudutsa masana ano, ndiye kuti munthuyo walandira kawiri. Mukamubwezera pamanja, chimodzimodzi. Yoluza ndi floti yanu.

Achimwene a Chimwemwe, zozimitsa fonizo zimathandiza ngati chachedwa ndi meseji yokha. Pamenepo mukayang'ana mndandanda wa zomwe mwatumiza mumapeza kuti zinatheka kale. Apa mndandandawo ndi umene ukunena Pending, choncho vuto silili mufoni.

Nachisale: Nanga ndalamazo zili kuti, bambo? Kwa ine zachoka, kwa iye kulibe.

Bambo Phiri: Zili m'manja mwa kampani yanu. Mukatumiza kwa munthu wa netiweki yomweyo, kampani imodzi imachotsa kuno n'kulemba uko m'buku lake lomwelo, n'chifukwa chake zimatha pompo. Kupita kubanki kapena ku netiweki ina ndi nkhani ina. Kampani yanu imayamba yadula floti, n'kusunga ndalamazo padera, kenako imatumiza uthenga ku makina a banki, nthawi zambiri kudzera pa makina apakati olumikiza makampani. Ikatero imadikira yankho loti talandira kapena takana. Yankho likachedwa kupyola nthawi imene anaika, kampaniyo sidziwa chachitika, ndiye imalemba Pending.

Chovuta chili apa: mwina uthenga sunafike kubanki n'komwe, mwinanso unafika, banki n'kulandira, koma yankho lake ndi lomwe lasochera pobwerera. Inu pafoni panu simungasiyanitse ziwirizi. Zimadziwika mbali ziwirizo zikafananitsa mabuku awo.

Mayi Banda: Ine zinandichitikira potulutsa ndalama. Mnyamata anandionetsa meseji yoti zachoka kwa iye, koma floti yanga sinakwere. Sindinamupatse, ndipo sanabwerenso. Ndikuganiza kuti meseji ija anachita kulemba yekha.

Bambo Phiri: Munachita bwino mayi, ndalama zapamanja zisatuluke floti isanakwere. Koma ya a Nachisale ndi ina, ndalama zachoka kwa iwo eni ndipo umboni uli mufoni mwawo.

Chimwemwe: Basi mumuuze abwere mawa. Pakatha maola 24 zimabwerera zokha.

Mayi Banda: Si nthawi zonse, mwanawe. Yanga ina ndinatumiza Lachisanu madzulo, inadzabwerera Lachiwiri. Zofunika kuti munthu wa kubanki aziyang'ane zimadikira masiku a ntchito.

Bambo Phiri: Zoona. Makampani ambiri amanena maola 24 mpaka 72, koma aliyense ali ndi malire ake, ndiye funsani anu. Ine ndimasiyanitsa kudikira musanaimbe ndi kudikira musanagwire ndalama. Kuimba sindipyola theka la ola, poti zambiri zongochedwa zimakhala zadutsa pofika pamenepo. Inu mwapyola kale, imbani pano pa nambala yothandizira maejenti. Muwapatse Transaction ID, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya akaunti yolandira. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo, ndipo muwafunse tsiku lomwe ayankhe. PIN musauze munthu, ngakhale wina atakuimbirani kuti ndi wa kukampani akufuna akubwezereni.

Kugwira ndalama ndiye kulibe wotchi. Mumadikira mpaka Pending isinthe. Ikalemba kuti zatheka, nkhani yatsala pakati pa kasitomala ndi banki yake, mumupatse Transaction ID apite nayo. Ikalemba kuti zakanika, onani balansi kaye, floti ikabwerera m'pamene mumubwezere kapena mutumizenso.

Nachisale: Ndaimba, andipatsa nambala ya dandaulo. Ndalemba zonse m'kaundula, tasaina tonse awiri, iye wajambula tsambalo pafoni yake. Koma akuti ndalamazo zimafunika lero lomwe, ngongole yake ikudulidwa ku akauntiko usiku uno.

Mayi Banda: Akakhala kasitomala wa tsiku ndi tsiku, ine ndimatha kumutumizira zina, titalemberana kuti yoyamba ikadutsa abweza. Munthu akakhumudwa sabweranso.

Bambo Phiri: Imeneyo ndi ngongole, mayi, ndipo mwaipereka ndinu, kampani sidzaidziwa. Ine sindingatero kwa munthu amene sindidziwa kwawo.

Nachisale: Uyu ndamuona kawiri kokha. Ndamuuza aimbire banki yake awafotokozere za ngongoleyo, ine ndiyang'ananso mndandanda 2 koloko.